Kulowetsa chithunzi m'felemu ya pakhoma: ngodya zinayi, kuwala kwa m'chipinda ndi galasi

Wojambula akamagulitsa ntchito yake kudzera pa foni, wogula amafunsa funso limodzimodzi nthawi zambiri: kodi chidzaoneka bwanji chikapachikidwa pakhoma? Kusindikiza chithunzi chilichonse, kuchigulira felemu ndi kuchidulira galasi pofuna kungoyankha funsoli kumadya ndalama. Ndiye ambiri amajambula felemu imodzi yopanda kanthu itapachikidwa pabalaza, kenako n'kumalowetsamo zithunzi zosiyanasiyana pa kompyuta. Ntchitoyi ikagwiridwa bwino, palibe amene angaloze pamene alumikiza. Ikagwiridwa mothamanga, ngakhale munthu amene sanakhudzepo kompyuta amaona kuti china chake chalakwika, ngakhale sangathe kunena kuti n'chiyani.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti anthu amamata chithunzi pamwamba pa felemu, pamene chithunzi chenicheni chimakhala mkati mwake. Chili m'chipinda, choncho chimalandira kuwala kwa m'chipindamo. Chili kumbuyo kwa milomo ya felemu, choncho mthunzi wa milomoyo umachigwera. Chilinso kuseri kwa galasi, ndipo galasi limaonjezera zakezake pamwamba pake. Njira yonse imene ndifotokoze pano ndi yongobwezera zinthu zimenezi m'malo mwake, chimodzi ndi chimodzi.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Pali felemu ya thabwa lakuda, ndipo malo oonekera chithunzi ndi masentimita 40 m'lifupi ndi 50 m'litali. Yapachikidwa pakhoma loyera, zenera lili chakumanja kwa chipinda, ndipo wojambula anaima chakumanzere pojambula. Chithunzi chimene tikufuna kulowetsamo ndi cha asodzi ali m'bwato dzuwa likulowa: kumwamba kowala, bwato ndi anthu akuda bii. Pulogalamu imene tigwiritse ntchito ndi GIMP, chifukwa ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti ikangoikidwa pa kompyuta. Amene ali ndi Photoshop kapena Photopea apeza zida zomwezi, mayina okha ndi amene amasiyana pang'ono.

Tisanakhudze ngodya iliyonse, tiyambe taona maonekedwe a chithunzicho. Makamera ambiri akuluakulu amatulutsa chithunzi cha muyezo wa 2 kwa 3, mwachitsanzo mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 6000 m'litali. Felemu yathu ndi ya 4 kwa 5. Mukangokoka chithunzi chonsecho kuti chikwane m'felemu, chifupika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, asodzi aja aoneka ojintcha ndipo dzuwa lozungulira likhala lophwatalala. Pulogalamu sikuchenjezani, imangochita zimene mwaiuza. Choncho dulani kaye chithunzicho kuti chikhale 4000 ndi 5000, ndipo musankhe nokha ngati mapikiselo 1000 otayikawo achoke kumwamba kapena kumadzi. Apa m'pofunika kudziwa muyezo weniweni wa felemu, woyeza ndi tepi. Musauyeze pa chithunzi cha khoma, chifukwa felemu yojambulidwa cham'mbali imaoneka yopapatiza kuposa mmene ilili.

Tsopano tibwere ku ngodya. Pa chithunzi chathu cha khoma, mbali ya kumanzere ya felemu, imene inali pafupi ndi kamera, ndi yaitali mapikiselo 1100. Mbali ya kumanja, imene inali kutali, ndi yaitali 960 basi. Kuchokera kumanzere kufika kumanja ndi 680. Felemu ya mbali zofanana bwinobwino yasanduka chinthu chachikulu uku, chaching'ono uko, ndipo mzere wa pamwamba ndi wa pansi akupendekera kukakumana kwinakwake kutali chakumanja. Lamulo limeneli, lakuti mizere yoyenda limodzi imaoneka ngati ikukakumana pamalo amodzi, analionetsa Filippo Brunelleschi mumzinda wa Florence kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leon Battista Alberti analilemba m'buku mu 1435. Ojambula a nthawi imeneyo ankalondola mizereyo ndi rula. Ife kompyuta imatiwerengera, koma imafuna kuti tiipatse zinthu zinayi molondola.

Zinthu zinayizo ndi ngodya. Malinga ngati chinthucho n'chathyathyathya, monga pepala kapena khoma, kudziwa pamene ngodya zake zinayi zagwera n'kokwanira kuti malo a kadontho kalikonse ka mkati adziwike. Palibenso china chofunika kuganizira. N'chifukwa chake nthawi imene mungathere pa ngodya siipita pachabe.

Tsegulani chithunzi cha khoma, kenako lowetsani cha asodzi kudzera pa File ndi Open as Layers. Chimabwera ngati leya, kutanthauza chithunzi chosanjikizidwa pamwamba pa chinzake chimene mungathe kuchisuntha osakhudza cha pansi. Sankhani chida cha Perspective, chimene chimabweranso mukadina Shift+P. Pa ngodya iliyonse pamaoneka kogwirira. Chepetsani kuoneka kwa chithunzicho mpaka theka kuti felemu ioneke kupyolera mwa icho, kulitsani zenera la kompyuta kanayi, ndipo kokani ngodya imodziimodzi. Mu Photoshop mumadina Ctrl+T n'kukoka ngodya mutagwira Ctrl, kapena kusankha Distort. Pewani zida zongopendeketsa monga Shear, chifukwa zimasiya mbali zonse ziwiri zili zofanana kutalika, pamene ife tikufuna mbali imodzi ichepe.

Pali njira yosavuta yodzitsimikizira kuti kukokako kwayenda bwino. Musanakoke, jambulani mizere iwiri pa kope la chithunzi chanu, wina woimirira wodutsa pakati penipeni, wina wogona. Mukatha kukoka, lumikizani ngodya zopingasana za felemu ndi mizere ina iwiri. Pamene mizere yopingasanayi yakumana ndi pamene pali pakati penipeni pa felemu, ndipo mtanda wanu uja uyenera kugwera pomwepo. M'chitsanzo chathu malowa sali pa 340, theka la 680, ayi. Ali pa 363 kuchokera kumanzere, n'kutsala 317 kumanja. Theka loyandikira kamera limatenga malo ambiri kuposa theka lakutali. Chida chabwino chimachita zimenezi chokha, ndipo mukapeza mtanda uli pa 340 ndiye kuti chithunzi chatambasulidwa mwa njira ina yolakwika.

Funso limene limasiyanitsa ntchito yabwino ndi yapakatikati ndi ili: ngodya zake ndi ziti kwenikweni? Chithunzi sichikhala pamwamba pa thabwa la felemu, chimakhala mkati, mwina theka la sentimita kapena sentimita yathunthu kuchokera kumaso kwa thabwalo. Munthu woima kumanzere saona khoma lamkati la mlomo wa kumanzere, ndipo mlomowo umam'bisira kachigawo ka chithunzi. Kumanja zimatembenuka: khoma lamkati la mlomo limaoneka lonse, ndipo chithunzi chimayambira patsinde pake. Ndiye ngodya ziwiri za kumanja ziikeni patsinde pa mlomo, osaphimba thabwa lamkatilo, koma ziwiri za kumanzere zilowe pang'ono pansi pa mlomo. Kenako sankhani malo oonekera chithunzi ndi chida cha Free Select kapena Paths, n'kuika Layer Mask kuti zonse zotulukira pa thabwa zibisike. Ine ndimakonda kuti chithunzi chipyole mapikiselo awiri kapena atatu mbali zonse, chophimbacho n'kuchidula bwino, kusiyana n'kuti chiperewere n'kusiya kamzere koyera m'mphepete. Kamzere kameneko diso limakapeza msanga kuposa china chilichonse.

Nthawi zina ngodya zonse zinayi zimakhala pamalo pake koma pakati pa mbali imodzi pamaoneka mpata. Apo vuto si lanu, ndi la lenzi. Malenzi otambalala, monga amene foni imagwiritsa ntchito mukasankha 0.5, amatha kupinda mizere yowongoka, makamaka m'mphepete mwa chithunzi. Konzani kaye chithunzi cha khoma ndi Lens Distortion, kapena, chimene chili chabwino koposa, jambulaninso mutaima patali felemu ili chapakati.

Ngodya zikakhala bwino, chithunzi chimaonekabe ngati chomatidwa, ndipo chifukwa chake ndi kuwala. Pa kompyuta, kuyera kwenikweni ndi nambala 255 ndipo kuda kwenikweni ndi 0. Koma tengani chida cha Color Picker muyese pepala loyera limene lili m'felemu pa chithunzi cha khoma. Simupeza 255. Mupeza mwina 205, ndipo chifupi ndi zenera nambala ikwera pang'ono pamene kutali itsika. Ngati munayaka babu, pepalalo likhala lachikasu pang'ono. Chithunzi chosindikizidwa sichingawale kuposa pepala limene chasindikizidwapo. Choncho mtambo wa 255 ukakhala m'chipinda chimene chinthu choyera chili pa 205, chithunzicho chimaoneka ngati chikudziwalira chokha.

Mankhwala ake ndi kusintha Mode ya leya ya asodzi kuchoka pa Normal kupita pa Multiply. Njira imeneyi imachulukitsa mtundu wa pamwamba ndi wa pansi. Mwa kawerengedwe ka Photoshop, kuyera kwa 255 kukagwera pa pepala la 205 kumakhala 205, ndipo mtundu wapakati wa 128 umatsika kufika pa 103. GIMP imawerengera mosiyana pang'ono koma zotsatira zake zimalowera komweko. Ubwino waukulu ndi wakuti chilichonse chimene chinali pa pepala chimadutsa n'kuoneka pa chithunzi chatsopano: kuwala kochepa pang'onopang'ono kuchoka kumanja kupita kumanzere, mtundu wa babu, ndiponso mthunzi wa mlomo wa felemu. Simujambula mthunzi ndi dzanja chifukwa kamera inaujambula kale.

Izi zimatheka pokhapokha mkati mwa felemu muli pepala loyera. Ngati muli katoni yofiirira, Multiply idetsa chithunzi chonse ndi mtundu wa katoniyo. Zikatero siyani leya pa Normal, tsitsani kuyera kwake ndi Levels pa Output levels mpaka kufanane ndi chinthu choyera chimene chili pafupi, ndipo mthunzi muupange nokha. Poupanga, yang'anani mthunzi umene felemu yaponya pakhoma. M'chipinda chathu kuwala kukuchokera kumanja, choncho mthunzi wakunja uli kumanzere kwa felemu. Wamkati umachokera ku mlomo wa kumanja n'kugwera pa chithunzi, ndiye uli m'mphepete mwa kumanja. Anthu ambiri amauika mbali zonse zinayi mofanana, zimene sizichitika m'chipinda cha zenera limodzi.

Tafika pa galasi, pamene pagona ntchito yokoma koposa. Galasi wamba likayang'anidwa molunjika, nkhope yake iliyonse imabweza pafupifupi magawo 4 mwa 100 a kuwala kogwera pamenepo. Lili ndi nkhope ziwiri, choncho zonse pamodzi ndi pafupifupi magawo 8. Zikuoneka zochepa, koma zenera la masana limawala kuposa khoma la m'nyumba maulendo ambirimbiri, ndiye kagawo kakang'ono ka zenera kamatha kupambana mbali yakuda ya chithunzi. Mukamapita cham'mbali, kubwezako kumakhala pafupifupi komweko kwa kanthawi, kenako kumakwera msanga: pa madigiri 60 kuchokera pa kulunjika kwafika kale kupyola kawiri, ndipo pa madigiri 80 nkhope imodzi yokha imabweza pafupifupi magawo 40 mwa 100. Galasi lapadera la m'nyumba zosungiramo zojambula, lopakidwa zoletsa kunyezimira, limabweza gawo limodzi kapena kucheperapo.

Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti kunyezimira kumaonjezera kuwala, sikuchotsa. Sikungadetse kanthu. N'chifukwa chake usiku mumadziona bwino pa zenera la nyumba yoyaka magetsi pamene masana simudziona: galasi likubweza mofanana, koma masana kuwala kochokera kunja kumakwirira zobwezedwazo. Pa chithunzi cha asodzi, ndiye kuti kunyezimira kuyenera kuoneka kwambiri pa bwato lakuda ndi pa anthu, koma pa mtambo wowala kuzingooneka pang'ono. Mode imene imachita zimenezi ndi Screen. Tiyese ndi manambala, mwa kawerengedwe ka Photoshop komwe kaja. Kunyezimira kwa mphamvu ya 30 kukagwera pa bwato la 20 kumalikweza kufika pa 48, kupyola kawiri. Komweko kukagwera pa mtambo wa 200 kumangoukweza kufika pa 206. Amene amangoika chigamba choyera chopyapyala mofanana paliponse amapeza chithunzi chotuwa, chooneka ngati galasi lake lili ndi fumbi.

Nanga kunyezimirako tikutenga kuti? Njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi yokujambula kwenikweni, ndipo imangofuna pepala lakuda. Ikani kamera pa choimikira cha miyendo itatu, kapena tsamiritsani foni pamalo pamene singasunthe. Jambulani felemu muli pepala loyera kuseri kwa galasi. Kenako chotsani loyeralo, ikani lakuda losanyezimira, pachikani felemu pa msomali womwewo, n'kujambulanso. Musalole kamera isinthe yokha kuchuluka kwa kuwala pakati pa zithunzi ziwirizi. Pa foni zambiri mumagwira chala pa sikirini mpaka itatseka muyezo wa kuwala ndi fokasi. Pepala loyera limakuuzani mmene kuwala kukugwera mkati. Lakuda silibweza pafupifupi chilichonse, choncho zonse zimene zikuoneka pamenepo, zenera, makatani, mpando, ndi za galasi lokha.

Kusanja kwake kumakhala motere: pansi penipeni chithunzi cha pepala loyera, pamwamba pake asodzi pa Multiply, ndipo pamwamba pa zonse mkati mwa felemu ya pepala lakuda pa Screen. Felemu ikakhala kuti inasuntha pang'ono poipachikanso, igwirizanitseni ndi chida cha Perspective chomwe chija. Pepala lakuda silikhala lakuda kotheratu, ndiye ngati bwato layamba kutuwa paliponse, kokani kogwirira kakuda ka Levels pa leya imeneyi mpaka mbali zopanda kunyezimira zitsike chifupi ndi 0. Mukatero muli ndi felemu imene mungalowetsemo zithunzi zana, chilichonse n'kulandira kuwala ndi galasi la chipinda chomwecho. Mu Photoshop ndi Photopea, kusandutsa leya ya chithunzi kukhala Smart Object musanaikoke kumachititsa kuti muzingosintha zamkati, ngodya zili momwemo.

Ngati chithunzi cha khoma munachipeza chojambulidwa kale, kunyezimira muyenera kukupanga, ndipo apa m'pofunika kuganiza kaye. Kuwala kumadumpha pa galasi ngati mpira woponyedwa pakhoma: ukachokera kumanzere umapita kumanja. Kamera yoima kumanzere imaona m'galasi zinthu zimene zili kutsogolo kwa felemu chakumanja, osati zimene zili kumbuyo kwa wojambula. M'chipinda chathu kumeneko n'kumene kuli zenera, choncho zenera m'galasi n'lomveka. Kamera ikanaima kumanja, pafupi ndi zeneralo, galasi likanaonetsa mbali yamdima ya chipinda, ndipo kuikamo zenera kukanakhala kunama kumene diso limakayikira. Felemu yojambulidwa molunjika imaonetsa wojambula mwini wake ndi zimene zili kumbuyo kwake.

Mukatsimikiza kuti zenera liyenera kukhalamo, pangani leya yatsopano yakuda, jambulani magalasi a zenera oyera ndi mipiringidzo yake yakuda, ndipo muipatse mtundu wa kuwala kwa masana, kobiriwira ngati thambo pang'ono chabe. Mizere yake yoimirira ikhale yoimirira monga ngodya za chipinda. Kamzere koyera kodutsa mopingasa, kamene kamapezeka pa zojambula zambiri zotsatsa malonda, sikafanana ndi chilichonse cha m'chipinda chenicheni. Kenako isungunuleni ndi Gaussian Blur. Chifukwa chake n'chakuti kamera inalunjika pa felemu, pamtunda wa mita ndi theka, pamene zenera looneka m'galasi lili pamtunda wa mita ndi theka ija kuphatikizapo mtunda wochoka pa galasi kufika pa zenera. Lili kutali, choncho silingakhale lakuthwa mofanana ndi thabwa la felemu. Ikani pa Screen, tsitsani Opacity mpaka muyambe kukayika ngati likuonekadi, ndipo mukweze pang'ono kuchokera pamenepo. Nthawi zambiri pakati pa 10 ndi 20 pamakwanira.

Kumbukiraninso kuti galasi limaphimba chilichonse chimene chili mkati. Ngati pali katoni yoyera yozungulira chithunzi, kunyezimira kudutse pa chithunzi ndi pa katoni pomwe osaduka pamalire, koma kuthere pa mlomo wa thabwa ndendende.

Chotsala ndi khungu la chithunzi. Kulitsani mpaka 100% muyerekeze thabwa la felemu ndi bwato. Chithunzi cha khoma chojambulidwa m'nyumba chimakhala ndi timadontho ta mchenga ndipo sichikhala chakuthwa kwambiri, pamene cha asodzi, chimene chachepetsedwa kuchoka pa mapikiselo 5000 kufika pa 1100, chimakhala chosalala ndi chakuthwa mopyola. Chisungunuleni ndi theka la pikiselo kapena pikiselo imodzi, onjezerani timadontho ndi HSV Noise mpaka tifanane ndi ta pakhoma, ndipo m'mphepete mwa chophimba chija mufewetsenso pang'ono.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaumirira kwa aliyense wogulitsa ndi zithunzi zotere. Felemu ya masentimita 40 ndi 50 ikhale ndi chithunzi chimene mudzagulitsedi pa muyezo umenewo. N'zosavuta kulowetsa chojambula cha kukula kwa A4 m'felemu yaikulu ya pamwamba pa sofa, ndipo wogula amadzalandira kanthu kakang'ono kusiyana ndi kamene anaona. Lembani muyezo weniweni pansi pa chithunzi, ndipo nenani poyera kuti n'chongoonetsa mmene chidzaonekere. Fayilo ya maleya onse isungeni ngati XCF kapena PSD, ndipo wogula muzimutumizira JPEG yochokera pamenepo. Mukaitumiza pa WhatsApp, iyang'aneni kaye pa foni yanu, chifukwa kupanikiza kwa mafayilo kumawononga msanga mbali zakuda, ndipo kunyezimira kofewa kumene munaika pa bwato kumatha kusanduka timabokosi.